NETWORKDAYS ikamaphonya masiku a tchuthi, yambani mwayang'ana mndandanda wa maholide

Dalaivala wa pa ofesi yathu, bambo wachikulire amene sakonda zolankhulalankhula, anabwera pa desiki yanga atanyamula kalendala yapakhoma ija ya kukhitchini. Anali atachonga ndi pensulo tsiku lililonse limene anali kumudzi. "Achimwene, ine ndawerenga katatu konse ndipo ndikupeza 27," anatero. "Nanga 28 ali pa fomuyi wachokera kuti?" Tinawerengera limodzi, chala pa kalendala, ndipo iwo ndi amene analondola. Tsiku limodzi la tchuthi chawo linali litadyedwa ndi Excel, ndipo analipeza chifukwa chakuti anasunga okha chiwerengero. Ena onse amene anapita ku tchuthi mwezi umenewo anangosayina fomu n'kumapita.

Chiyambire tsiku limenelo ndakonza vuto lomweli m'mafayilo ambiri, anga ndi a anzanga. Chimene ndaona n'chakuti fomula yeniyeniyo kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Mlandu umakhala pa mndandanda wa maholide umene taipatsa. Excel imadziwa yokha kuti deti lakuti ndi Loweruka kapena Lamulungu, koma siidziwa John Chilembwe, siidziwa Pasaka, ngakhale Khirisimasi imene siidziwa. Imachotsa madeti okhawo amene mwailembera, ndipo imawachotsa monga momwe yawamvera iyoyo, osati monga momwe inu mukuwaonera pa sikirini.

Tigwiritse ntchito nkhani ya bambo aja. Tchuthi chawo chinayamba Lolemba pa 26 Febuluwale 2024, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu pa 5 Epulo 2024. Deti loyamba lili mu B2, lomaliza mu C2, ndipo maholide a chaka chonse ali kuyambira H2 mpaka H14. Fomula yake ndi NETWORKDAYS, imene imawerenga masiku a ntchito pakati pa madeti awiri, ndipo imalembedwa motere:

```
=NETWORKDAYS(B2,C2,$H$2:$H$14)
```

Pa kalendala amenewa ndi masiku 40. Mukachotsapo Loweruka asanu ndi Lamulungu asanu, patsala 30. M'kati mwa masabata asanu ndi limodziwo munagwa maholide atatu: Lolemba pa 4 Malichi, Lachisanu Loyera pa 29 Malichi, ndi Lolemba la Pasaka pa 1 Epulo. Yankho lolondola ndi 27.

Gawani yankho pawiri musanakhudze china chilichonse

Nambala ikakhala yokayikitsa, anthu ambiri amayamba kufufuta fomula n'kuilembanso, ndipo imabweza zomwezo. Njira yachidule ndi kufunsa Excel mafunso awiri padera. Mu kabokosi kena kopanda kanthu lembani fomula yopanda maholide, ndipo mu kena lembani yosonyeza maholide amene yachotsa:

```
=NETWORKDAYS(B2,C2)
=NETWORKDAYS(B2,C2)-NETWORKDAYS(B2,C2,$H$2:$H$14)
```

Yoyamba iyenera kupereka 30, yachiwiri 3. Yoyambayi njosavuta kuitsimikiza pamtima, chifukwa masabata asanu ndi limodzi a masiku asanu ndi 30 basi. Ikalakwika yoyamba, vuto lili pa deti loyambira kapena lomalizira, ndipo za maholide muzisiye kaye. Ikalondola yoyamba koma yachiwiri n'kupereka 2 kapena 1 pamene inu mukudziwa kuti maholide anali atatu, vuto lili mu mndandanda. Kwa bambo athu aja yachiwiri inapereka 2, ndipo apa m'pamene ndinadziwira kolowera.

Holide yagwa Lamulungu, anthu apuma Lolemba

Tsiku lokumbukira anthu amene anafera ufulu wa dziko lino limakhala pa 3 Malichi chaka chilichonse. Amene anakonza fayilo yathu analemba 3 Malichi 2024, ndipo palibe akanamutsutsa poyang'ana. Koma mu 2024 deti limeneli linali Lamulungu, ndipo maofesi anatseka Lolemba pa 4. NETWORKDAYS inali itachotsa kale Lamulunguyo monga tsiku lakumapeto kwa sabata, ndiye itapezanso deti lomwelo pa mndandanda inalibe chochotsa. Lolemba lija inaliwerenga ngati tsiku wamba la ntchito, n'kulidula pa tchuthi cha munthu pamene anzake onse anali kunyumba akupuma kwaulere.

Choncho mndandanda wanu usakhale wa madeti a chikumbutso. Ukhale wa masiku amene pakhomo pa ofesi panali loko. Pa 3 Malichi mutha kulisiya pomwepo ngati mukufuna, silisokoneza kanthu, koma pa 4 Malichi payenera kulembedwa ndithu. Chaka chomwecho pa 6 Julayi panali Loweruka, choncho yang'ananinso pamenepo kuti mwalemba tsiku limene munatsekadi.

Njira yoonera zimenezi mwamsanga ndi kuika dzina la tsiku pambali pa holide iliyonse. Mu I2 lembani fomula iyi n'kuikokera pansi:

```
=TEXT(H2,"ddd dd mmm yyyy")
```

Paliponse pamene patuluka `Sat` kapena `Sun`, imani mudzifunse kuti anthu anapuma liti. Kolamu imeneyi ine sindiichotsa pa fayilo iliyonse ya tchuthi, chifukwa ikugwiranso vuto lina limene ndifotokoze pansipa.

Ena amafuna kuti Excel izisuntha yokha holide yogwa kumapeto kwa sabata n'kuiika Lolemba. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Mu 2021 Khirisimasi inali Loweruka ndipo pa 26 Disembala panali Lamulungu. Fomula yosuntha ikanaika masiku onse awiri pa Lolemba, pa 27, ndipo deti likalembedwa kawiri pa mndandanda NETWORKDAYS imalichotsa kamodzi kokha. Onjezanipo Pasaka amene amasintha chaka ndi chaka, komanso Eid imene imadikira kuoneka kwa mwezi, muona kuti kulemba madeti khumi ndi angapo ndi manja, motsata chilengezo cha boma, n'kodalirika kuposa fomula yaitali imene palibe wina pa ofesi angaimvetse inu mukachoka.

Deti limene mukuliona si limene Excel yasunga

Ili ndiye vuto lozunza kwambiri, chifukwa limabisala. Kwathu kuno timalemba tsiku poyamba, kenako mwezi. Makompyuta ambiri amene timagula, makamaka akaunjika, amabwera atatcheredwa mwa Chimereka, kumene mwezi ndiwo umayamba. Mukalemba 04/03/2024 pa kompyuta yotero, inu mukutanthauza 4 Malichi, koma Excel yasunga 3 Epulo. Mukalemba 01/04/2024 mukutanthauza Lolemba la Pasaka, iyo yasunga 4 Januwale. Pa sikirini zimaonekabe pafupifupi monga munalembera, 4/3/2024 ndi 1/4/2024, ndiye diso silikayikira chilichonse.

Taonani zimene zimachitika pa tchuthi cha bambo aja. Pa 4 Januwale pali kunja kwa nthawi ya tchuthi chawo, ndiye Lolemba la Pasaka silichotsedwa. Koma 3 Epulo ali m'kati, ndipo ndi Lachitatu, ndiye amachotsedwa m'malo mwa 4 Malichi. Pa holide ya 4 Malichi yokhayi nambala yangolondola mwangozi, ndipo ngozi yotereyi njoipa kuposa cholakwa choonekera, chifukwa munthu wina amene anatenga sabata imodzi yokha ya 4 mpaka 8 Malichi amudula masiku 5 m'malo mwa 4, pamene wotenga masiku oyambirira a Epulo apatsidwa holide imene kunalibe.

Nanga 29/03/2024? Kulibe mwezi wa nambala 29, choncho Excel imalephera kulimva ngati deti n'kungolisunga ngati mawu wamba. Mawu amene sangawerengeke ngati deti akakhala m'kati mwa mndandanda wa maholide, fomula imabweza `#VALUE!`. Ambiri amakwiya akaona chizindikiro chimenechi, koma ine ndimachiona ngati mwayi, chifukwa n'chokhacho chimene chimakuuzani poyera kuti madeti anu asokonekera. Mukakonza 29 Malichi yekhayo n'kuona kuti nambala yatuluka, musafulumire kutseka fayilo. Ngati kompyuta inakana 29/03, ndiye kuti madeti onse a tsiku la 12 kutsika pansi inawatembenuza mwakachetechete.

Kuzindikira kwake n'kosavuta mukadziwa kuti kwa Excel deti ndi nambala chabe. Pa 4 Malichi 2024 ndi 45355, pamene pa 3 Epulo 2024 ndi 45385. Deti lenileni limatsamira kumanja kwa kabokosi ngati nambala ina iliyonse, pamene mawu amatsamira kumanzere, pokhapokha wina atakhala kuti anaziika zonse pakati pofuna kukongoletsa. Kuti mutsimikize, yerekezani mafomula awiri awa:

```
=COUNT(H2:H14)
=COUNTA(H2:H14)
```

Yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri imawerenga kabokosi kalikonse komwe muli kanthu. Zikasiyana, pali deti limene ndi mawu, ndipo `=ISNUMBER(H5)` ikuuzani kabokosi kake potulutsa `FALSE`. Madeti otembenuzidwa aja sagwidwa ndi mayeso amenewa, popeza ndi madeti enieni, kungoti olakwika. Amenewo amagwidwa ndi kolamu ya `TEXT` ija, chifukwa imalemba mwezi ndi zilembo. Mukaona `Wed 03 Apr 2024` pamene mumayembekezera `Mon 04 Mar 2024`, mwampeza wakuba.

Pokonza, anthu ambiri amathamangira ku Format Cells n'kusankha Date. Zimenezi zimangosintha chovala, munthu wake ndi yemweyo: mawu amakhalabe mawu, ndipo 3 Epulo amakhalabe 3 Epulo. Madeti amene ali ngati mawu amakonzeka powasankha, kupita ku Data, kudina Text to Columns, kudina Next kawiri, kusankha Date ndi DMY, kenako Finish. Koma njira imeneyi musaidalire pa madeti amene anatembenuzidwa kale polowa. Poti mndandanda wa maholide ndi waufupi, ine ndimangoufufuta wonse n'kuulembanso m'njira imene singamveke pawiri, monga 4-Mar-2024, kapena ndi fomula iyi, imene imagwira chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse:

```
=DATE(2024,3,4)
```

Chaka, mwezi, tsiku. Ngati fayilo imayenda pa fulashi kuchoka pa kompyuta ya akawunti kupita pa laputopu ya abwana, dziwani kuti deti limene linalowa bwino silisintha poyenda. Ngozi imabwera munthu akalemba deti latsopano pa kompyuta yotcheredwa mosiyana, kapena fayilo ikasungidwa ngati CSV n'kutsegulidwa kwina.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimabweretsanso `#VALUE!` ngakhale madeti onse ali bwino. China ndi kusankhira limodzi mutu wa kolamu, monga mawu akuti "Maholide" amene ali mu H1, kapena kolamu ya mayina a maholide imene ili pambali. China ndi kabokosi kooneka ngati kopanda kanthu koma muli sipesi, kapena muli fomula yobweza `""`. Kabokosi kopandiratu kanthu sikavuta, choncho mutha kusiya malo pansi pa mndandanda oti mudzawonjezere masiku ena. Ngati mukukayika, sankhani timabokosi tooneka topanda kanthuto n'kudina Delete.

Mzere woyamba uli bwino, apansi akuchulukirachulukira

Vuto ili limadziwika ndi kayendedwe kake. Munthu woyamba pa mndandanda wa antchito nambala yake njolondola, koma mukamatsika zimayamba kupotoka, ndipo nthawi zonse zimapotokera kochulutsa masiku. Gwero lake ndi kuiwala chizindikiro cha dola. Mukalemba `H2:H14` popanda `$` n'kukokera fomula pansi, mndandanda nawonso umatsetsereka. Pa mzere wachitatu umakhala `H3:H15`, pa wachinayi `H4:H16`, mpaka pansi.

Tinene kuti mu H2 muli 1 Januwale, mu H3 muli 15 Januwale, mu H4 muli 4 Malichi, mu H5 muli 29 Malichi, ndipo mu H6 muli 1 Epulo. Anthu asanu ndi mmodzi atenga tchuthi chofanana ndi cha bambo aja. Mizere 2, 3 ndi 4 ipereka 27, chifukwa maholide amene agwa kunja ndi a Januwale okha, amene sakukhudza nthawiyi. Mzere 5 upereka 28, mzere 6 upereka 29, ndipo mzere 7 upereka 30. N'chifukwa chake vutoli limatha miyezi osaoneka: woyang'anira amayesa mizere iwiri kapena itatu yapamwamba, n'kukhutira.

Dinani kawiri pa fomula ya mzere wapansi kwambiri. Excel imazunguliza ndi mzere wamtundu malo amene fomulayo ikuwerenga, ndipo muona kuti bokosi lazungulira timabokosi topanda kanthu pansi pa maholide. Bwererani pa fomula yoyamba, sankhani `H2:H14`, dinani F4 kuti ikhale `$H$2:$H$14`, kenako kokeraninso pansi.

Njira imene ndimaikonda kuposa dola ndi kupatsa mndandanda dzina. Sankhani madeti a maholide, lembani `Maholide` mu kabokosi ka kumanzere kwa malo olembamo fomula, kotchedwa Name Box, n'kudina Enter. Fomula imasanduka yowerengeka ngakhale kwa munthu amene wangoyamba kumene ntchito:

```
=NETWORKDAYS(B2,C2,Maholide)
```

Dzina silitsetsereka, ndipo limagwira ngakhale maholide ali pa shiti ina. Kumbukirani chabe kuti deti lowonjezeredwa pansi pa malire a dzinalo silikhala m'kati. Boma likalengeza holide yapadera, monga zimachitikira nthawi zina, wina amangoilemba mu H15, fomula n'kumathera pa H14. Lowetsani mzere watsopano pakati pa mndandanda ndi Insert kuti malire akule okha, popeza madeti sakufunika kukhala mu ndondomeko. Apo ayi, sandutsani mndandandawo tebulo podina Ctrl+T musanaupatse dzina, kuti uzikula wokha mukalemba pansi pake.

Chaka chikatha

Tchuthi cha Disembala chimene chimalowa mu Januwale chimagwira maofesi ambiri. Munthu wachoka Lolemba pa 16 Disembala 2024, tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 17 Januwale 2025. Masabata asanu, masiku 25. Maholide ndi anayi: 25 ndi 26 Disembala, 1 Januwale, ndi 15 Januwale, onse apakati pa sabata. Yankho ndi 21. Koma ngati mndandanda ndi wa 2024 wokha, mupeza 23, chifukwa 15 Januwale 2024 ndi 15 Januwale 2025 ndi manambala awiri osiyana kwa Excel. Maholide a chaka chamawa alembeni chaka chisanathe, ndipo a chaka chatha musawafufute, chifukwa mukatero mizere yonse yakale iwerengedwanso popanda maholide ake, ndipo zimene munasayinitsa anthu sizigwirizananso ndi zili mu fayilo. Mndandanda umodzi wautali wa zaka zingapo ulibe vuto lililonse.

Ngati cholakwika chili pa nambala yoyamba ija

Tsopano tibwerere kwa amene fomula yopanda maholide yawapatsa kale nambala yolakwika. NETWORKDAYS imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe. Deti limodzi la pakati pa sabata likakhala mbali zonse ziwiri, yankho ndi 1, osati 0. Pa mafomu ena a tchuthi pali malo awiri, a tsiku lomaliza la tchuthi ndi a tsiku lobwerera ku ntchito, ndipo olemba amasokoneza awiriwa. Bambo aja anabwerera Lolemba pa 8 Epulo. Deti limeneli likalowa mu C2, yankho likhala 28 ngakhale maholide onse ali m'malo mwake. Ngati kolamu yanu ndi ya tsiku lobwerera, lembani `C2-1` m'malo mwa `C2`. Zimagwira ngakhale tsiku la dzulo lake lili Lamulungu, popeza limenelo siliwerengedwa.

Nambala yokhala ndi mainasi imatanthauza kuti madeti asinthana malo, kapena deti lomaliza silinalembedwe. Nambala yoopsa, yoposa 32,000, imatanthauza kuti deti loyamba lasiyidwa, ndipo Excel yayamba kuwerenga kuchokera ku chiyambi cha 1900. Pofuna kuti mizere yosamalizidwa izikhala chete, kutani fomula motere:

```
=IF(COUNT(B2:C2)=2,NETWORKDAYS(B2,C2,Maholide),"")
```

Amene amagwira ntchito Loweruka

NETWORKDAYS wamba imatenga Loweruka ndi Lamulungu ngati masiku opuma, ndipo simungaisinthe maganizo. M'masitolo, m'magalaja ndi m'maesiteti ambiri anthu amapuma Lamulungu lokha. Kwa amenewa pali NETWORKDAYS.INTL, imene inayamba ndi Excel 2010:

```
=NETWORKDAYS.INTL(B2,C2,11,Maholide)
```

Nambala 11 imatanthauza kuti lopuma ndi Lamulungu lokha, pamene 1 ndi Loweruka ndi Lamulungu. Cholakwa chofala apa ndi kungowonjezera `.INTL` pa fomula yakale n'kusiya maholide pa malo achitatu. Malo achitatu tsopano ndi a masiku opuma, maholide apita pa malo achinayi. Pa madeti athu aja, masiku 40 kuchotsapo Lamulungu asanu ndi 35, kuchotsanso maholide atatu ndi 32.

Apa mndandanda uyenera kuunikidwanso, chifukwa holide yogwa Loweruka, imene inalibe ntchito kwa anthu a masiku asanu, tsopano ikuchotsedwa. Ngati kuntchito kwanu munatseka Loweruka la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Pasaka, pa 30 Malichi 2024, lilembeni, ndipo yankho litsika kufika 31. Ngati munatsegula, musalilembe. Kampani imene ili ndi anthu a mu ofesi ndi a ku fakitale, amene amapuma mosiyana, ingachite bwino kusunga mindandanda iwiri yokhala ndi mayina osiyana.

Theka la tsiku fomula imeneyi siilidziwa. Kumene amaweruka masana Loweruka, ndipo malamulo a pa ntchito akuti Loweruka ndi theka, werengani padera n'kuphatikiza:

```
=NETWORKDAYS(B2,C2,Maholide)+0.5*NETWORKDAYS.INTL(B2,C2,"1111101",Maholide)
```

Manambala asanu ndi awiri amene ali m'kati mwa zizindikiro zogwira mawuwo akuimira masiku a sabata kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Pamene pali 1 ndi tsiku losawerengedwa, pamene pali 0 ndi lowerengedwa, choncho gawo lachiwirili likuwerenga Loweruka okha. Pa tchuthi cha 26 Febuluwale mpaka 5 Epulo alipo asanu, pa 2, 9, 16, 23 ndi 30 Malichi, ndiye yankho ndi 27 kuphatikiza 2.5, kukhala 29.5. Mukaika 30 Malichi pa mndandanda, Loweruka atsala anayi ndipo yankho ndi 29.

Fayilo ya kwathu titaikonza, tinabwereza mizere ya onse amene tchuthi chawo chinadutsa pa 4 Malichi, n'kubwezera aliyense tsiku lake pa khadi. Bambo aja anatenga lawo Lachisanu lina, kuti akathandize kukolola kumudzi. Masiku ano ndikalemba mndandanda wa chaka chatsopano, ndimaika pansi pa shiti mizere itatu yoyesera, ya madeti amene ndawerenga ndi chala pa kalendala: umodzi wodutsa pa Pasaka, wina wodutsa pa holide yosunthidwa, wina wolowa mu Januwale wa chaka chotsatira. Pambali pa uliwonse ndimalemba ndi manja nambala imene ndikuyembekezera, ndipo mafomu sindiyamba kusindikiza mpaka itatu yonse itagwirizana.